Mafunso ndi mayankho: kulemba mbiri ya malemu kuchokera pa chithunzi cha pepala lolembedwa pamanja

Masiku ano maliro akachitika kumudzi, ntchito yolemba mbiri ya malemu kawirikawiri imagwera wachibale amene ali kutali, kaya ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, chifukwa abale amati iyeyo ndiye wodziwa kulemba. Akuluakulu amakhala pansi pa siwa usiku, wina amang'amba tsamba la kope, amalemba zaka ndi zimene aliyense akukumbukira, kenako amajambula tsambalo ndi foni n'kulitumiza pa WhatsApp ndi mawu akuti, "Tilembereni bwinobwino, maliro ndi mkuja." Mayankho ali m'munsiwa alembedwera munthu amene walandira chithunzi chotere.

Ndalandira chithunzi. Kodi ndiyambe ndi chiyani?

Musayambe ndi kulemba mbiri. Yambani ndi kuona ngati chithunzicho chili ndi pepala lonse, chifukwa wojambula usiku, ndi kuwala kwa tochi kapena kandulo, nthawi zambiri amadula m'mphepete, ndipo m'mphepete mwa kope ndi mmene anthu amaonjezamo zimene akumbukira mochedwa. Yang'anani ngodya zonse zinayi za pepala. Ngati imodzi sikuoneka, pemphani chithunzi china. Funsaninso ngati kuseri kwa tsambalo kwalembedwa kanthu, pakuti wojambula amaiwala kutembenuza, ndipo mndandanda wa ana kapena tsiku la kumwalira likhoza kukhala kumeneko.

Pali zinthu zitatu zimene zimaononga zithunzi zotere: mthunzi wa foni yomweyo umene umagwa pakati pa tsamba, mzere wa pamene pepala lidapindidwa kuti lilowe m'thumba, ndi kuchepetsedwa kwa chithunzi potumiza. WhatsApp amapanikiza chithunzi kuti chisadye bando yambiri, choncho mukachikuza manambala amasungunuka. Muuzeni wotumizayo adikire kuche, ayale pepalalo pa tebulo kapena pa mphasa panja pamene pali mthunzi wofanana, aimike foni molunjika pamwamba pake, ndipo atumize posankha Document m'malo mwa chithunzi wamba. Ngati tsambalo ladzaza kwambiri, ajambule theka la pamwamba palokha ndi theka la pansi palokha, mzere umodzi wapakati uoneke pa zithunzi zonse ziwiri kuti mutsimikize kuti palibe chadumphidwa.

Mukapeza chithunzi chowerengeka, koperani mndandanda wonse monga ulili, osakonza kalikonse, ngakhale kalembedwe kolakwika. Pamene simukutha kuwerenga ikani chizindikiro cha funso. Ntchito imeneyi imaoneka ngati yotaya nthawi pamene maliro akuthamanga, koma imakupatsani mafunso onse pamodzi, kotero kuti mudzaimbira foni kumudzi kamodzi kokha m'malo movutitsa anamfedwa ola lililonse.

Kodi mndandanda wotere umaoneka bwanji, ndipo mavuto ake amabisala pati?

Tiyerekeze kuti malemu ndi mayi wachikulire wa m'boma la Dedza, amene tingomutchula ndi mfunda wake kuti aNaphiri, ndipo mutakopera mwapeza izi:

- Anabadwa 12/11/194? kwa agogo awo
- Njala ya 49 anali kumbuyo
- Sukulu Sitandade 3
- Ubatizo 1961
- Ukwati 65
- Ana 9, amoyo 6
- Bambo Wenela 7?, kubwera 74
- Mvano 1970
- Zitumbuwa, fizi ya ana
- 2002 nkhokwe
- Bambo anatisiya 2003
- Analera ana a ang'ono awo
- Zidzukulu 31, zidzukulutudzi ?
- Anamwalira 20/8/24

Pansi pake pali mayina a ana, ndipo mukawawerenga mukupeza asanu ndi atatu okha, osati asanu ndi anayi. Mndandanda umenewu ndi wabwino, chifukwa muli moyo wonse wa munthu, koma sungawerengedwe pamaso pa anthu monga ulili. Muli manambala awiri osawerengeka, chiwerengero cha ana chosagwirizana ndi mayina, dzina la bungwe la amayi lokayikitsa, ndi mizere iwiri, wa zitumbuwa ndi wa nkhokwe, imene wolembayo ankadziwa tanthauzo lake koma inu mungaliganizire molakwika.

Nambala ikakhala yosawerengeka, ndingadziwe bwanji yoona?

Poyamba gwiritsani ntchito dzanja la wolembayo. Manambala amene amasokonekera kwambiri pa zolemba pamanja ndi 1 ndi 7, 4 ndi 9, 3 ndi 8, komanso 0 ndi 6. Funani malo ena pa tsamba lomwelo pamene nambala yokayikitsayo yalembedwa momveka. Pa chitsanzo chathu chaka chobadwa chikuoneka ngati 1941 kapena 1947, ndipo pa mzere wa "1970" pali 1 ndi 7 moyandikana, olembedwa ndi munthu yemweyo. Ngati 7 wake amakhala ndi kamzere kodutsa pakati, ndipo nambala yokayikitsayo ili ndi kachidontho pamalo pomwepo, mwayamba kuyandikira yankho. Samalani pamene inki yasintha mtundu, chifukwa ndiye kuti cholembera chidapita m'dzanja lina, ndipo simungayerekezenso manambala a anthu awiri osiyana.

Chachiwiri, ndipo ndicho champhamvu, lolani mizere ina ya mndandandawo ichitire umboni. Akuluakulu athu sasunga zaka ndi manambala koma ndi zochitika, ndipo mzere wakuti "Njala ya 49 anali kumbuyo" ndi wodalirika kuposa tsiku lolembedwa pamwamba pake. Njala yaikulu imene idagwa m'dziko la Nyasaland inali ya 1949. Mwana wobadwa mu Novembala 1947 anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi ingapo pa nthawiyo, wa pa msana weniweni, pamene wobadwa mu 1941 anali wa zaka zisanu ndi ziwiri, wokhoza kale kubereka mng'ono wake. Ukwati wa 1965 ukugwirizana ndi zaka zonse ziwirizo, choncho sukuthandiza, koma ubatizo wa 1961 ukukomera 1947, chifukwa mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu kapena khumi ndi zinayi ndi wa msinkhu woti wamaliza kalasi ya mpingo. Chaka chake ndi 1947.

Mzere wa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu opita ku migodi ya ku Joni, ndi woopsa kwambiri ngakhale ukuoneka waung'ono. Kubwera kwa bambo mu 1974 n'komveka, popeza mu Epulo chaka chimenecho ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi ambiri, ndipo boma la Dr Banda lidaimitsa kulemba anthu a Wenela. Koma chaka chopita, 71 kapena 72, chiyenera kuyerekezedwa ndi zaka zobadwa za ana. Ngati mwana wachinayi adabadwa mu Malichi 1973, ndiye kuti kuwerenga 1971 pamaso pa mudzi wonse n'kuchititsa manyazi malemu ndi mwanayo, chifukwa pa maliro sipasowa anthu owerengera miyezi ndi zala. Pamalo otere musadalire maso anu okha. Funsani, ndipo yankho likapanda kubwera nenani kuti bambo adapita ku migodi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970.

Kodi ndi zochitika ziti zina zimene zingathandize kupeza chaka?

Zimene achikulire amakonda kutchula ndi monga Napolo wa ku Zomba mu 1946, kumangidwa kwa atsogoleri a Kongiresi mu Malichi 1959, ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, kubwera kwa kwacha ndi tambala m'malo mwa mapaundi ndi masheleni mu 1971, kusamuka kwa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, madzi osefukira a ku Phalombe mu 1991, chisankho cha riferendamu pa 14 Juni 1993, kuyamba kwa sukulu yaulere ya pulayimale mu 1994, ndi njala ya 2002. Wina akanena kuti malowolo kapena msonkho adapereka mapaundi, mwadziwa kale mbali ya 1971 imene nkhaniyo ili. Mayina akale a malo nawonso amaloza nthawi: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Jameson ndi Chipata, ndipo Salisbury adasanduka Harare mu 1982. Mu mbiri mukhoza kutchula dzina lakale monga malemu ankalitchulira, n'kuonjeza latsopano kuti achinyamata amve.

Chitupa cha unzika chikunena chaka china, abale akunena china. Nditsatire chiti?

Palibe chimene chimapambana nthawi zonse. Zitupa za unzika zidalembedwa kwa anthu ambiri mu 2017, ndipo okalamba amene analibe chikalata chilichonse cha kubadwa ankangotchula chaka chimene ankachiganizira, choncho tsiku la pa chitupa si umboni wosatsutsika. Khadi la ubatizo kapena kaundula wa mpingo nthawi zambiri amakhala pafupi ndi choona, chifukwa adalembedwa kale, makolo a malemu akadali moyo. Buku la kuchipatala limangobwereza zimene wodwala kapena womuperekeza adanena.

Pa aNaphiri, tsiku lenileni la 12 Novembala ndi lokayikitsa, pokhapokha ngati makolo awo anali a mpingo ndipo adalilemba m'chikuto cha Baibulo. Funsani kumene lachokera. Ngati ndi pa chitupa pokha, n'kwabwino kunena chaka chokha. Chimene muyenera kupewa n'chakuti mbiri inene chaka china, pepala la ndondomeko ya mwambo linene china, ndipo kamtanda ka pa bokosi kanene chachitatu. Mwini mbumba asankhe chaka chimodzi, ndipo chimenecho chipite ponseponse.

Werengeraninso msinkhu mosamala. Ambiri amangochotsera 1947 pa 2024 n'kupeza 77, koma malemu adamwalira mu Ogasiti, tsiku lawo lobadwa la mu Novembala lisanafike, choncho anali ndi zaka 76. Ngati mwasiya mwezi wobadwa chifukwa chokayika, nenani kuti amwalira m'chaka chawo cha 77. Tsiku la kumwalira liyeseni ndi kalendala: 20 Ogasiti 2024 linali Lachiwiri, ndipo abale akanena kuti zidachitika Lolemba usiku, ndiye kuti mwina zidachitika pakati pa usiku, ndipo muyenera kufunsa ola.

Chiwerengero cha ana sichikugwirizana ndi mayina. Nditani?

Imeneyi ndiyo mbali imene anthu amaimvetsera koposa pa mbiri yonse, ndiponso imene imabala madandaulo okhalitsa. Chaka cha ubatizo chikalakwika anthu amaiwala asanasambe m'manja, koma mwana amene dzina lake ladumphidwa pa maliro a mayi wake amakumbukira mpaka tsiku lake lomwe.

Dzina likasowa pamakhala zifukwa zingapo, ndipo chilichonse chili ndi kachitidwe kake. Mwina ladulidwa ndi chithunzi, ndipo chithunzi china chithetsa nkhaniyo. Mwina ndi mwana amene adamwalira ali wakhanda, amene mayi ankamuwerengera nthawi zonse koma abale ake sadziwa n'komwe dzina lake, ndipo pamenepo chiwerengero cha asanu ndi anayi chikhale, popanda kufunafuna dzina. Mwinanso ndi mwana amene pali kusamvana naye, kapena wa bambo wina, ndipo wolembayo adamusiya dala. Apa si inu woweruza. Uzani mwini mbumba, amene m'mabanja a chikamwini amakhala malume kapena mlongo wa malemu, kuti mndandanda uli ndi ana asanu ndi anayi koma mayina asanu ndi atatu, ndipo mufunseni chochita. Maganizo anga ndi akuti ndi bwino kutchula chiwerengero chokha popanda dzina lililonse kusiyana ndi kutchula mayina onse n'kusiya limodzi.

Ana olera asalowetsedwe m'chiwerengero cha ana obereka, koma asasiyidwenso. Apatseni chiganizo chawo. Pa zidzukulu, pemphani kuti munthu mmodzi awerenge nyumba ndi nyumba, kuyambira ya mwana woyamba, kuphatikizapo nyumba za ana amene adamwalira, chifukwa ndizo zimaiwalika. Ngati chiwerengero cha zidzukulutudzi sichikudziwika pofika m'mawa, mawu akuti "ndi zidzukulutudzi zingapo" ndi oona ndipo sapweteka aliyense.

Kodi ndingakonze zimene ndikuona kuti abale alakwitsa?

Mungakonze mutafunsa. Pa mndandanda wathu pali "Mvano 1970", koma mu mpingo wa CCAP bungwe la amayi limatchedwa Mvano mu Sinodi ya Blantyre, Chigwirizano mu Sinodi ya Nkhoma, ndi Umanyano mu Sinodi ya Livingstonia. Dedza ali m'dera la Nkhoma, choncho n'kutheka kuti wolembayo ndi mdzukulu wokulira ku Blantyre amene walemba dzina limene adazolowera. N'kuthekanso kuti aNaphiri adakhalako kummwera m'chaka chimenecho ndipo adavekedwa kumeneko. Amayi ovala yunifolomu adzakhala atazungulira bokosi pamene mbiri ikuwerengedwa, ndipo adzamva msanga dzina likalakwika. Funso limodzi kwa mlembi wa amayiwo lidzakupatsani dzina loyenera, chaka choona, mwinanso udindo umene malemu adagwirapo.

Mizere yaifupi ngati "2002 nkhokwe" ndiisandutse bwanji ziganizo popanda kupeka?

Mzere wotere ndi chikumbutso chimene wolembayo adadzilembera yekha, ndipo nkhani yake ili m'mutu mwa munthu wina pa siwapo. Mukauganizira nokha mukhoza kulemba kuti malemu adagawira anthu chimanga m'chaka cha njala, pamene choona n'chakuti nkhokwe yawo idabedwa kapena idapsa. Imbani foni ndi kufunsa kuti, "Kodi ndani adatchula za nkhokwe? Ndimufuna iyeyo." Mukamupeza, mufunseni mafunso aang'ono ogwirika: chidachitika n'chiyani, analipo ndani, malemu adanena chiyani. Musafunse kuti anali munthu wotani, chifukwa yankho lake limakhala limodzi pa maliro alionse, lakuti anali munthu wabwino, wokonda anthu.

Tiyerekeze kuti mpongozi wakuuzani kuti m'miyezi ya njala ya 2002 aNaphiri adaleka kugulitsa chimanga chimene chidatsala, ndipo madzulo alionse ankaphika phala mu mphika waukulu wa pa maliro, n'kuitana ana a m'nyumba zoyandikana kuti adye limodzi ndi zidzukulu zawo. Mwana wachitatu wakuuzaninso kuti mayi ake ankadzuka kusanache kukazinga zitumbuwa, n'kukazigulitsa pa chipata cha sukulu yomweyo imene ana awo ankaphunzira, ndipo ndalama ya fizi ankaimanga pa ngodya ya chitenje. Izi zikugwirizana ndi nthawi, popeza ana amenewo adaphunzira 1994 isanafike, pamene pulayimale inali yolipira. Tsopano muli ndi zolemba, ndipo zikhoza kumveka motere:

"Pamene bambo anali ku migodi, mayi athu adatsala okha ndi ana aang'ono. Ankadzuka kusanache kukazinga zitumbuwa, ndipo ena mwa inu amene mwakhala pano mudagulapo zitumbuwazo pa chipata cha sukulu. Ndalama imene ankaimanga pa ngodya ya chitenje ndiyo idalipira fizi ya ana onse. M'chaka cha njala cha 2002 sadagulitse chimanga chawo, koma madzulo alionse ankateleka mphika waukulu, ndipo mwana aliyense wa m'dera lino amene adafika pakhomo pawo adalandira phala."

Onani kuti m'ndimeyi mulibe chimene sichidachokere kwa abale. Simudanene kuti adadyetsa ana angati, simudawaike mawu m'kamwa, ndiponso simudalembe kuti anali wowolowa manja, chifukwa mphikawo wanena kale. Mawu akuti "ana onse" afunika kutsimikizidwa, pakuti ngati mmodzi adalipiriridwa ndi malume ake, malumewo adzakhala pomwepo akumvetsera.

Kodi nditsatire ndondomeko ya pa pepala?

Ayi, chifukwa pepala lidalembedwa motsata amene ankayamba kukumbukira. Anthu amayembekezera mbiri yoyenda ndi zaka: dzina lonse ndi mfunda, tsiku ndi malo obadwira, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, makolo ndi malo a malemu pakati pa abale awo, sukulu, mpingo, banja ndi ana, ntchito, kudwala ndi kumwalira, kenako amene asiyidwa. Nkhani ngati ya zitumbuwa ilowe pa chaka chake, isaunjikidwe kumapeto. Pa mndandanda wathu palibe dzina la mudzi, mayina a makolo, ngakhale kuti aNaphiri anali achingati kubadwa, chifukwa olembawo ankaona kuti n'zodziwika kale. Zimenezi zikhale m'gulu la mafunso anu.

Nkhani ziwiri kapena zitatu zokambidwa bwino n'zokwanira. Abale akakupatsani zambiri, sankhani kuti mbali zonse za banja zimveke, imodzi yochokera kwa ana, ina kwa apongozi kapena zidzukulu, ina ku mpingo kapena kwa anansi, kuti pasakhale nyumba yoganiza kuti mbiri yalembedwa ndi nyumba inzake.

Nanga za matenda ndi zina zovuta zimene zalembedwa pa pepala?

Si zonse zolembedwa pa siwa zimene zidalembedwera khamu. Munthu wolira amalemba zimene zili pa mtima, monga kuti achipatala adachedwa, kuti uje sadabwere kudzazonda, kuti pali ngongole, kapena kuti imfayo ndi yokayikitsa. Zimenezi zili ndi bwalo lake pa nthawi ya kusesa ndi pa zokambirana za banja. Mu mbiri, dzina la matenda litchulidwe pokhapokha banja litagwirizana, ndipo likapanda kutero n'kokwanira kunena kuti adayamba kudwala m'mwezi wakuti, adagonekedwa m'chipatala, ndipo adamwalira tsiku lakuti. Chimene simuyenera kuchita n'kutchula matenda ena m'malo mwa enieni pofuna kubisa, chifukwa amene ankadwazika akudziwa, ndipo bodza limodzi limachititsa anthu kukayikira mbiri yonse.

Ngati malemu adakwatiwapo kawiri, kapena ngati ndi bambo wa mitala, tchulani maukwatiwo motsata zaka ndi ulemu wofanana, ndipo ankhoswe a mbali zonse amve ndimeyo isanawerengedwe. Za chuma ndi za amene alowe m'malo zisakhudzidwe n'komwe.

Mbiri italike bwanji?

Funsani woyendetsa mwambo nthawi imene wapereka, chifukwa pambuyo panu pali oimira banja, amfumu, mwina a kuntchito, kenako mpingo, ndipo adzukulu kumanda akudikira. Pa maliro ambiri mphindi zisanu n'zokwanira. Musayese kutalika ndi maso. Werengani mokweza, pang'onopang'ono, mukuyang'ana wotchi, ndipo muonjezere mphindi imodzi ya kutsamwa ndi kudikira kulira kuti kutsike. Pa maliro a Chisilamu, pamene thupi limaikidwa mwamsanga, funsani kwa ashehe ngati pali mpata wa mbiri ndi nthawi yake musanalembe kalikonse.

Kodi ndilembe ngati ine, kapena ngati banja?

Ngati banja. Mbiri si malo a chisoni cha wolemba yekha, ndipo kawirikawiri wowerenga sakhala wolembayo. Dziwani msanga amene adzaimirire, chifukwa mawu a ubale amasintha naye: mwana anena "mayi athu", mdzukulu "agogo athu", mkulu wa mpingo "mayi Naphiri" kapena "malemu". Malemu atchulidwe mwaulemu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, "adabadwa" kutsagana ndi "iwo" ndi "awo", osati "iye" ndi "wake". Malonje akhale aafupi ndi otsata ukulu: amfumu, abusa ndi akuluakulu a mpingo, anamfedwa, kenako amayi ndi abambo onse. Ngati padzakhala wina wolankhula m'malo mwa banja, kuthokoza amene adathandiza ndi kulengeza chipepeso zisiyireni iyeyo.

Ndikamaliza, nditumize bwanji kuti wowerenga asavutike?

Choyamba werengerani mwini mbumba mbiri yonse pa foni, mawu ndi mawu, ndipo ngati n'kotheka mwana wamkulu wa malemu amvetsere nawo. Kutumiza uthenga wolembedwa n'kufunsa ngati zili bwino sikukwanira, chifukwa munthu wotanganidwa ndi maliro amangoyankha kuti zili bwino asanawerenge. Khutu limagwira zimene diso ladumpha, makamaka mayina.

Kenako konzani pepala la wowerenga. Ndi bwino lisindikizidwe pa malo osindikizira apafupi, kapena likoperedwe pamanja ndi zilembo zazikulu, kusiyana ndi kuwerenga pa foni, imene imazima, imathwanima padzuwa, ndipo ikhoza kulira pakati pa chiganizo. Dumphani mzere pakati pa ndime, lembani mbali imodzi yokha ya tsamba, ndipo ikani manambala pa masamba. Miyezi ilembedwe ndi mayina, 20 Ogasiti 2024 osati 20/8/24, kuti wowerenga asaime n'kumawerengera. Dzina la mwana aliyense likhale pa mzere wakewake. Pakhale makope awiri, ndipo lachiwiri ligwidwe ndi munthu woimirira pafupi, amene wawerengapo kale mbiriyo, kuti woyambayo akalephera ndi misozi iye apitirize pa mzere womwewo.

Cholakwika chikapezeka mbiri itawerengedwa kale, chichitike n'chiyani?

Ngati ndi dzina la munthu wamoyo limene ladumphidwa kapena lalakwika, woyendetsa mwambo kapena woimira banja alikonze pomwepo anthu asanapite kumanda, ndi chiganizo chimodzi chopepesa. Ngati ndi chaka, palibe chifukwa choimitsira mwambo, koma chikonzedwe pa pepala tsiku lomwelo anthu akadali pamodzi. Zaka zimenezi zidzafunikanso pomanga chiliza, mwina patapita chaka kapena kuposerapo, ndipo wosema mwala adzakopera chimene mwamupatsa popanda kufunsa. Choncho sungani pamodzi zinthu zitatu: tsamba la kope lenilenilo, chithunzi chake chowerengeka, ndi mbiri yokonzedwa yokhala ndi kalembera wosonyeza amene adatsimikiza chaka chilichonse. Tsamba la kope likhale kwa mwini mbumba, ndipo mbiri yokonzedwayo itumizidwe ku nyumba ya mwana aliyense, kuphatikizapo amene sadathe kufika.